Chidole cha pa foni: zimene chithunzi chimaulula musanatumize ndalama

Malonda a zidole anasamukira pa foni. Wogulitsa amaika zithunzi pa WhatsApp kapena pa Facebook, pansi pake n'kulemba mtengo ndi nambala yotumizirako ndalama. Azakhali amene ali ku Joni nawonso amajambula chidole m'sitolo n'kufunsa abale kumudzi ngati mwana angachikonde. Kholo limayang'ana mitundu yowala ndi mtengo, basi lavomera. Koma chithunzi chimene wogulitsa amayamba kuonetsa chimakhala cha kumaso kwa katoni, ndipo kumaso n'kumene kulibe zambiri zothandiza kholo la mwana wa zaka ziwiri. Zofunika zimakhala kumbuyo, pansi kapena m'mbali, m'zilembo zing'onozing'ono.

Tiyerekeze kuti mayi wina wa ku Chilomoni akufuna timatofali tapulasitiki tomangira tinyumba, toti agulire mwana wake wa zaka ziwiri ndi theka. Wogulitsa walemba kuti ndi LEGO yeniyeni. Pa chithunzi pakuoneka katoni yokongola, ndipo pakona pali kabokosi kofiira kokhala ndi zilembo zoyera. Mayiyu asathamange. Apemphe zithunzi zina zitatu: cha kumbuyo kwa katoni, cha pafupi pamene pali zizindikiro, ndi cha katofali kamodzi kataikidwa pambali pa bokosi la machesi kuti kukula kwake kudziwike. Zithunzi za pa WhatsApp zimafika zitafinyidwa, moti tizilembo timafufutika munthu akamakulitsa. Njira yake ndi kupempha wogulitsa kuti ajambule pafupi, powala, kapena atumize chithunzicho ngati fayilo.

Choyamba kuwerenga ndi dzina, chilembo ndi chilembo. Opanga zachinyengo amadziwa kuti maso a munthu amazindikira mtundu ndi kaonekedwe asanawerenge mawu. Kampani ina ya ku Tchaina inkapanga timatofali tofanana ndi ta LEGO pansi pa dzina lakuti Lepin, makatoni ake akufanana ndi enieni mpaka zithunzi, ndipo mu 2019 apolisi a kumeneko anakagwira katundu wambiri pa fakitale yake. LEGO yeniyeni ili ndi mboni ziwiri zimene kamera ya foni ingagwire. Dzina lakuti LEGO limadindidwa pa timitu tonse tozungulira tapamwamba pa katofali, ndipo katoni imakhala ndi nambala ya seti, imene munthu akailemba pa intaneti iyenera kutulutsa chithunzi cha seti yomweyo. Timitu tikakhala tosalala, kapena nambala ikatulutsa chidole china, nkhani ya dzina yathera pomwepo.

Komabe dzina si limene lingatsamwitse mwana. Ngakhale timatofali tikhale ta LEGO yeniyeni, si tonse toyenera mwana wa zaka ziwiri ndi theka. Katofali wamba kakang'ono kwambiri n'kamamilimita 8 okha m'lifupi. N'chifukwa chake kampaniyi imapanga mtundu wina wa ana aang'ono wotchedwa DUPLO, umene katofali kake n'kowirikiza kawiri m'litali, m'lifupi ndi msinkhu. Pa chithunzi cha mayi uja, ngati katofali kakuoneka kochepa kwambiri pafupi ndi bokosi la machesi, si DUPLO ayi.

Apa m'pamene pamabwera chizindikiro chimene kholo la mwana wamng'ono liyenera kuchidziwa kuposa zina zonse. Ndi mkombero wofiira wodulidwa ndi mzere wofiira, mkati mwake muli kankhope ka mwana wosasangalala ndi manambala 0-3. Anthu ambiri amachiwerenga mobwerera. Amaona kankhope ka khanda ndi manambalawo n'kuganiza kuti chidolecho n'cha ana kuyambira obadwa kumene mpaka zaka zitatu. Tanthauzo lake n'losiyana kotheratu: chidolecho n'choletsedwa kwa mwana amene sanakwanitse miyezi 36. Kawirikawiri pambali pake pamalembedwa chifukwa, monga tizidutswa ting'onoting'ono kapena chingwe chachitali.

Makolo ena amanena kuti mwana wawo ndi wochenjera, amaposa msinkhu wake. Koma malire a zaka zitatu sayeza nzeru. Mwana wa msinkhu umenewu amafufuza zinthu ndi pakamwa, njira yake ya mpweya ndi yopapatiza, ndipo alibe mphamvu zokwanira zotsokomolera chinthu chimene chamukhala pakhosi. Oyeza zidole ku Ulaya ndi ku Amereka amagwiritsa ntchito kachubu kamene kukamwa kwake ndi mamilimita 31.7, kozama kuyambira mamilimita 25.4 mbali ina mpaka 57.1 mbali inayo. Chidutswa chilichonse cholowa chonse m'kachubuka sichiloledwa pa chidole cha mwana wosakwana zaka zitatu, kaya chabwera chokha m'katoni kapena chathothoka pamene chidole chikukokedwa ndi kugwetsedwa poyeza. Kunyumba anthu amagwiritsa ntchito kachubu kapepala kotsala pepala la kuchimbudzi likatha. N'kotakasuka pang'ono kuposa koyezera kwenikweni, choncho chimene chalephera kulowamo n'chachikulu mokwanira.

Chizindikiro cha 0-3 chimathanso kuulula wopanga wosakhulupirika. Kaseche ka khanda, kachinthu koluma mwana akamamera mano, kapena chidole chofewa chansalu chokumbatira, zonsezi n'zodziwikiratu kuti n'za makanda. Lamulo la ku Ulaya sililola kuika chenjezo lotsutsana ndi ntchito ya chidolecho. Munthu akaona kaseche kali ndi chizindikiro choletsa ana osakwana zaka zitatu, adziwe kuti wopanga akufuna kuzemba mayeso okhwima a zidole za makanda, ndipo kasecheko n'kosiya.

Nanga zilembo za CE zimene ogulitsa amakonda kuloza? Izi zimafunika pa chidole chilichonse chogulitsidwa m'maiko a mgwirizano wa ku Ulaya, motsatira lamulo la zidole la mu 2009, ndipo muyezo wake waukulu ndi EN 71. Gawo loyamba la muyezowu limaona za kulimba, nsonga ndi tizidutswa. Lachiwiri limaona za kugwira moto. Lachitatu limaona zitsulo zapoizoni monga mtovu zimene zingatuluke mu penti mwana akamanyambita. Chimene ambiri sadziwa n'chakuti pa zidole zambiri, palibe ofesi ya boma imene imadinda CE. Wopanga mwiniwake ndiye amalengeza kuti watsata malamulo n'kusindikiza zilembozo. Kwa kampani yoona mtima, ndi lonjezo lokhala ndi mapepala kumbuyo kwake. Kwa wachinyengo, ndi inki chabe.

Pali nkhani yofala yakuti CE ya zilembo zothinana ndi chizindikiro china cha katundu wa ku Tchaina. Palibe chizindikiro chovomerezeka chotero. Zoona n'zakuti CE ili ndi kalembedwe kake kokhazikika: chilembo chilichonse ndi gawo la mkombero, pakati pali mpata woti C itazunguliridwa yonse ikhoza kungokhudza msana wa E, kamzere kapakati pa E n'kofupikirapo, ndipo msinkhu wake suchepera mamilimita 5. CE yopindika kapena yothinana ikusonyeza wopanga wosasamala, ndipo ndi chifukwa chokwanira chokayikira. Koma CE yolembedwa bwino sitsimikiza kanthu payokha, poti kukopera chizindikiro n'kosavuta.

Chovuta kunamizira ndi zimene zimayenda limodzi ndi CE. Lamulo lomwelo limafuna dzina ndi adiresi ya wopanga, dzina ndi adiresi ya woitanitsa katundu ngati wachokera kunja kwa Ulaya, komanso nambala yodziwitsa mtundu kapena gulu la zidole zopangidwa nthawi imodzi. Katoni ya mayi wa ku Chilomoni ikakhala ndi CE koma yopanda dzina la kampani, yopanda adiresi, yongolembedwa dziko lokha, ndiye kuti palibe amene akufuna kuyankha mlandu mwana akavulala. Zidole zochokera ku Mangalande zimathanso kukhala ndi UKCA, chizindikiro chimene chinayamba mu 2021, ndipo zina zili ndi nkhope ya mkango m'kati mwa ngodya zitatu, chizindikiro cha bungwe la opanga zidole kumeneko. Za ku Amereka zimatchula ASTM F963.

Nambala ya gulu ija ili ndi ntchito yeniyeni. Mu Ogasiti 2007 kampani ya Mattel inaitanitsa kuti zibwezedwe zidole za Fisher-Price pafupifupi 1.5 miliyoni chifukwa penti wake anali ndi mtovu wochuluka, ndipo patangotha masabata awiri inaitanitsanso zina pafupifupi 18 miliyoni chifukwa cha timaginito tothothoka. Zinali zidole zenizeni za kampani yotchuka, zizindikiro zonse zilipo. Makolo anadziwa ngati chawo chakhudzidwa poyang'ana manambala a pa chidole. Lero mndandanda wa katundu woopsa wa ku Ulaya, wotchedwa Safety Gate, umaikidwa pa intaneti pamodzi ndi zithunzi, ndipo aliyense angafufuzemo dzina la chidole.

Zidole za pa kaunjika zimafika zopanda katoni, motero chenjezo la zaka limakhala litatayika kalekale. Pamenepa chithunzi chiyenera kuonetsa chidolecho chokha. Pa zidole zansalu, kansalu kosokedwa pa msoko kamakhala ndi dzina ndi zizindikiro. Pa zapulasitiki, dzina limadindidwa pansi. Maso a chimbalangondo chansalu aonedwe bwino: opetedwa ndi ulusi ndi abwino kwa khanda kuposa amikanda omatidwa.

Chidole chilichonse choimba kapena chowala chijambulidwe pa chitseko cha mabatire. Pazioneka sikuluwu yotsekera. Chitseko chongotsegula ndi chikhadabo n'choopsa, makamaka ngati mkati muli batire yaphwatalala yonga kandalama, monga CR2032, yomwe ndi mamilimita 20. Batire yotere ikakakamira kummero imayamba kuwotcha mnofu m'maola awiri okha, ndipo mwana akhoza kungooneka ngati wadwala chifuwa kapena wakana chakudya. Timaginito tamphamvu natonso n'toopsa mwana akameza tiwiri kapena kuposa, chifukwa timakokana matumbo ali pakati mpaka kuwaboola. Mwana amene akuganiziridwa kuti wameza chimodzi mwa zimenezi athamangitsidwe kuchipatala nthawi yomweyo, osadikira zizindikiro.

Chithunzi chili ndi malire ake. Sichingaonetse mtovu mu penti, fungo la mankhwala m'pulasitiki, kapena gudumu limene lingazuke mwana akangokoka. Chimathandiza kukana chidole, koma sichikwanira kuchivomereza. N'chifukwa chake n'kwanzeru kugwirizana ndi wogulitsa kuti ndalama yomaliza iperekedwa katundu akafika, ndipo munthu wamkulu ayambe wakoka maso, mabatani ndi magudumu, kuyendetsa chala m'mphepete kufufuza nsonga, ndi kuyeza tizidutswa m'kachubu kapepala mwana asanachione. Wogulitsa amene wakana kujambula kumbuyo kwa katoni, kapena wangotumiza chithunzi chotengedwa pa intaneti m'malo mwa katundu amene ali naye m'manja, musamutumizire ndalama.