Kupatutsa foni ndi voisimelo: kachitidwe kake ndi kumene mayunitsi amathera

Kupatutsa foni ndi dongosolo louza kampani ya mafoni kuti munthu akayimba nambala inayake, foniyo ikalire pa nambala ina. Pa zenera la foni dongosololi limalembedwa kuti `Call forwarding` kapena `Call divert`. Ngakhale limakhazikitsidwa podina mabatani a foni ya m'manja, lamulolo limasungidwa m'makompyuta a kampani, pa kaundula wa nambalayo, osati m'foni. N'chifukwa chake foni ikazima, ikagwera m'madzi kapena simukhadi ikasamutsidwira m'foni ina, kupatutsako kumapitirirabe. Pa chifukwa chomwecho lamuloli silingakhazikitsidwe kapena kuchotsedwa pamalo popanda netiweki, popeza foni imayenera kulankhula kaye ndi kampani. Wopita kumudzi kosagwira netiweki amayenera kupatutsa foni yake asananyamuke, osati atafika kale.

Pali mitundu inayi ya kupatutsa. Woyamba umatumiza kwina foni iliyonse yobwera, ndipo foni ya mwini nambala silira n'komwe. Itatu yotsalayo imadikira kuti china chake chichitike: mwini foni akhale ali pa foni ina kapena wadula foni yobwerayo, foni ilire nthawi yakutiyakuti osayankhidwa, kapena foni isapezeke chifukwa yazimitsidwa, batire latha kapena ili kopanda netiweki. Uliwonse mwa mitunduyi uli ndi nambala yake yaifupi, ndipo manambalawa ndi amodzimodzi pa maneti ambiri a GSM padziko lonse, kuphatikizapo mtundu wa netiweki umene TNM ndi Airtel amagwiritsa ntchito ku Malawi. Amalembedwa pamene pamalembedwa nambala yoyimba, kenako n'kudina batani loyimbira:

```
**21*NAMBALA#    foni iliyonse
**67*NAMBALA#    mwini ali pa foni ina
**61*NAMBALA#    foni sinayankhidwe
**62*NAMBALA#    foni sikupezeka
```

Pamene palembedwa NAMBALA pamaikidwa nambala imene foni zizipitako. Ndi bwino kuilemba yonse kuyambira ndi +265 n'kusiya 0 woyambirira uja, chifukwa nambala yolembedwa motero imamveka ngakhale simukhadi ikakhala kunja kwa dziko. Lamulo likalandiridwa, pa zenera pamabwera uthenga wovomereza, ndipo mafoni ambiri amaonetsa kamuvi kokhota pamwamba pamene foni zonse zapatutsidwa. Kuti munthu aone ngati mtundu winawake ukugwira ntchito, amalemba `*#21#`, `*#67#`, `*#61#` kapena `*#62#`, ndipo foni imamuonetsa nambala imene foni zikupitako. Kuchotsa mtundu umodzi ndi `##21#`, `##67#`, `##61#` kapena `##62#`, pamene `##002#` imafafaniza yonse nthawi imodzi.

Mtundu wa foni yosayankhidwa uli ndi kanthu kena kamene ambiri sakadziwa: nthawi yolira isanapatuke ikhoza kusinthidwa. Netiweki imalola masekondi 5, 10, 15, 20, 25 kapena 30, osapitirira apo. Kulemba `**61*NAMBALA**30#` kumapatsa mwini foni masekondi 30 oti atulutse foni m'chikwama kapena apukute m'manja asanayankhe. Amene amadandaula kuti foni yawo imangolira kawiri n'kudukira ku voisimelo kawirikawiri amakhala ndi nthawi yaifupi pamenepa, osati foni yoonongeka.

Amene safuna kuloweza manambala akhoza kudzera m'ndandanda wa foni. Pa mafoni a Android njira imayambira mu pulogalamu yoyimbira, pa timadontho titatu ta pakona, kenako `Settings`, ndipo `Call forwarding` imapezeka pansi pa mutu monga `Calls`, `Calling accounts` kapena `Supplementary services`, malinga ndi amene anapanga foniyo. Timafoni ta mabatani timaika zimenezi pa `Call settings`. Pa iPhone ndandanda umangopereka kupatutsa foni zonse, choncho mitundu itatu inayo imafuna manambala aafupi aja. Foni ya masimukhadi awiri imafunsa kuti lamulo likhale pa simukhadi iti, chifukwa nambala iliyonse ili ndi kaundula wake. Choyenera kupewa apa ndi kupatutsa foni zonse za nambala yoyamba kupita ku yachiwiri, ndi zonse za yachiwiri kubwerera ku yoyamba: foni imazungulira, netiweki n'kuidula, ndipo palibe nambala imene imalira.

Voisimelo ndi kupatutsa foni komweko, kungoti kumene foni ikupita kulibe munthu. Kuli makina a kampani amene amayankha, kupereka moni ndi kujambula mawu a woyimbayo. Kampani ikatsegulira munthu voisimelo, imakhala yaloza mitundu itatu yodikira ija ku nambala ya makinawo. Lamulo la `**004*NAMBALA#` limachita zimenezi pa mitundu itatuyo nthawi imodzi, ndipo `##004#` imazichotsa. Nambala ya makina imasiyana kampani ndi kampani, ndipo yodalirika ndi imene yatengedwa ku ofesi kapena ku nambala yothandizira makasitomala ya kampaniyo. Ikasungidwa pa `Voicemail number`, kudinikiza batani la 1 kwa kanthawi kumayimba kumeneko. Poyimba koyamba makina amatsogolera mwini nambala kujambula moni wake ndi kusankha nambala yachinsinsi. Nambala yachinsinsi yobwera nayo, imene nthawi zambiri imakhala yosavuta kulota, iyenera kusinthidwa tsiku lomwelo, chifukwa pa maneti ambiri mauthenga akhoza kumvedwa kuchokera pa foni ina ndi aliyense woidziwa.

Izi zikufotokozanso mphekesera imene imayenda m'magulu a WhatsApp, yoti wolemba `*#62#` akaona nambala yachilendo ndiye kuti wina akumumvetsera. Nthawi zambiri nambala yachilendoyo ndi ya makina a voisimelo, kapena a makina amene amatumiza uthenga woti wakutiwakuti anayimba foni ili yozima. Wochita mantha n'kulemba `##002#` akhoza kudabwa pambuyo pake kuti voisimelo ndi mauthenga aja zasiya kubwera, chifukwa wadula njira imene zimadzera.

Tsopano za ndalama. Ku Malawi, monganso ku Zambia ndi ku Mozambique, lamulo lozolowereka ndi lakuti woyimba ndiye amalipira, ndipo kulandira foni n'kwaulere munthu akakhala m'dziko lake. Kupatutsa kumasokoneza chizolowezichi chifukwa foni yopatutsidwa ndi maulendo awiri. Ulendo woyamba ndi wochokera kwa woyimba kufika pa nambala imene wayimbayo, ndipo amalipira ndi woyimbayo pa mtengo wa masiku onse, popeza sanadziwe n'komwe kuti foniyo ipatuka. Ulendo wachiwiri ndi wochokera pa nambala imeneyo kupita kumene yalozedwa. Kwa kampani, umenewu ndi foni yatsopano, ndipo woyimba wake ndi mwini nambala amene anapereka lamulo lopatutsa. Zili ngati kalata yofika pa positi ofesi ya kumene munthu anasamukako: woitumiza analipira sitampa yofikira pamenepo basi, ndipo ulendo wotsatira wosamukayo umafuna sitampa ina.

Tiyerekeze mayi wogulitsa mpunga mu msika wa Limbe amene makasitomala ake onse amadziwa nambala yake yakale, koma iye wayamba kugwiritsa ntchito simukhadi ya kampani ina chifukwa ndiyo imagwira bwino kunyumba kwake. Akupatutsa foni zonse ndi `**21*` kupita ku nambala yatsopanoyo. Tiyerekezenso, pongofuna kuti masamu aphweke, kuti mphindi imodzi ndi K100. Akalandira foni 10 pa tsiku, iliyonse ya mphindi 2, ndiye kuti mphindi 20 zadutsa pa ulendo wachiwiri, ndipo K2,000 yachoka pa simukhadi yakale ija. M'masiku 6 a msika yakwana K12,000, iye asanayimbire munthu ngakhale mmodzi. Makasitomala nawo alipira mphindi zawo zomwezo. Mayunitsi a pa simukhadi yakale akatha, ulendo wachiwiri umakanika, ndipo oyimba amangomva foni ikuduka kapena uthenga woti nambala sikupezeka, pamene foni ya mayiyo ili yoyaka ndi netiweki yodzaza. Akanakhala ndi foni ya masimukhadi awiri n'kungopatutsa ndi `**62*`, akanalipira foni zokhazo zobwera pamene simukhadi yakale yataya netiweki.

Mtengo wa ulendo wachiwiri umatsata kumene foni yalozedwa. Ikapita ku kampani ina, kampani yoyamba imalipira inzakeyo chifukwa choilandirira foni, ndipo bandulo imene imangogwira poyimba manambala a kampani yomweyo singathandize pamenepo. Makampani ena sawerengera n'komwe foni zopatutsidwa pa bandulo iliyonse, amadula pa mayunitsi enieni. Ikalozedwa ku nambala ya ku South Africa kapena ku Britain, mphindi iliyonse imadulidwa pa mtengo woyimbira kunja, ndipo maneti ena amakaniratu kupatutsa kotereku. Njira yodziwira zoona zake ndi yosavuta: kuona mayunitsi ndi mphindi za bandulo, kupempha mnzako ayimbe kwa mphindi imodzi foni ili yopatutsidwa, n'kuonanso chimene chatsika.

Pa voisimelo, ulendo wachiwiri umathera m'makina a kampani yomweyo, choncho makampani ambiri salipiritsa mwini nambala pamenepo, ngakhale kumvera mauthenga kumalipiritsidwa pa maneti ena. Amene amapwetekeka ndi woyimba. Makina akangoyankha, foniyo imawerengedwa ngati yayankhidwa, ndipo mayunitsi amayamba kuyenda moni uja usanathe. Wofulasha amene wachedwa kudula, kapena amene wafulasha foni yozima, amalipira foni imene sanafune kuyimba.

Ndalama zochuluka kwambiri zimatha munthu akawoloka malire ndi simukhadi ya kwawo n'kumagwiritsa ntchito netiweki ya dziko lachilendo. Kumeneko ngakhale kulandira foni kawirikawiri kumalipiritsidwa, chifukwa kampani ya kwawo imayenera kunyamula foniyo kukaifikitsa ku Johannesburg kapena ku Tete. Foni ikalira kumeneko osayankhidwa, kapena mwiniyo akaidula, netiweki yachilendoyo ndi imene imaibweza ku voisimelo ya ku Malawi. Foniyo yawoloka malire kawiri, popita ndi pobwera, ndipo maulendo onse awiri akhoza kugwera mwini nambala amene sanalankhule ndi munthu aliyense. Kupatutsa foni zonse kulibe vuto limeneli, chifukwa netiweki ya kwawo imaona lamulolo pa kaundula foni isanatuluke m'dziko, n'kuipatutsa pomwepo. Woyenda ulendo wa kunja ali ndi njira ziwiri asanachoke: kuchotsa mitundu yodikira ndi `##004#`, kapena kuloza foni zonse ku voisimelo kapena ku nambala ya wachibale wotsala kumudzi ndi `**21*`.

Kupatutsa kumangokhudza foni za mawu zodutsa pa netiweki ya kampani. Mauthenga olembedwa, kuphatikizapo a Mpamba ndi Airtel Money, amapitabe ku simukhadi yeniyeniyo, ndipo foni za pa WhatsApp zimayenda pa intaneti osakhudzidwa. Komabe WhatsApp ndi mabanki ena amatha kutumiza nambala yotsimikizira kudzera pa foni ya mawu, ndipo mbava zimapezerapo mpata. Zimayimba ngati ogwira ntchito ku kampani ya mafoni, n'kuuza munthu kuti alembe manambala oyamba ndi `**21*` kuti akonze netiweki kapena alandire mphoto. Akatero, foni zake zonse, pamodzi ndi yobweretsa nambala yotsimikizira ija, zimalira m'manja mwa mbavayo. Zizindikiro zake ndi foni imene yangoti zii tsiku lonse pamene anthu akuti akhala akuyimba, kamuvi kokhota pa zenera ndi mayunitsi otsika popanda chifukwa. `*#21#` imaonetsa nambala imene foni zikupitako, ndipo `##21#` imachotsa lamulolo nthawi yomweyo.