Intaneti ikachedwa, kodi vuto ndi waifai kapena kampani? Yesani ndi kebulo

Vidiyo ikamaimaima, kapena msonkhano wa pa Zoom ukamadukaduka, ambirife timati netiweki yavuta, kenako n'kuyamba kudandaula za kampani imene timailipira. Ena amafika pogula bandulo yaikulu kapena kusamukira ku kampani ina, koma n'kupeza kuti kuchipinda chawo zinthu zikuchedwabe ngati kale. Ndalama zapita, vuto lili pomwepo, chifukwa silinali kumene iwo ankaloza chala.

Intaneti imayenda maulendo awiri isanafike pa foni kapena laputopu yanu. Ulendo woyamba umachokera ku kampani kufika pa rauta ya m'nyumba mwanu, kudzera pa faiba, pa mbale ya padenga kapena pa simukhadi imene imalankhulana ndi nsanja ya netiweki. Ulendo wachiwiri ndi waufupi, kuchokera pa rauta kufika pomwe mwakhala, ndipo umadutsa mumlengalenga. Umenewu ndiwo waifai. Ulendo woyamba ndi udindo wa kampani, wachiwiri ndi wanu. Zili ngati madzi akamatuluka pang'ono kubafa: munthu wanzeru amayamba watsegula mpopi wa pafupi ndi mita. Madzi akatuluka mwamphamvu pamenepo, amadziwa kuti vuto lili m'mapaipi a m'nyumba mwake. Kebulo imagwira ntchito ya mpopi umenewo, chifukwa imachotsa waifai panjira n'kukuonetsani zimene kampani yafikitsa pakhomo panu.

Timizere ta waifai timene timaoneka pamwamba pa foni sitingakuyankheni funso limeneli. Timangonena kuti foni ikuimva bwanji rauta, osati zimene zikubwera kuchokera kunja. Mukhoza kukhala ndi timizere todzaza pamene intaneti yafa kotheratu, ndipo timadzazanso ngakhale bandulo itatha.

Zofunika pa ntchitoyi ndi zochepa. Choyamba ndi kebulo ya netiweki, ija yokhala ndi timitu ta pulasitiki tooneka ngati ta telefoni ya m'nyumba koma tokulirapo. Nthawi zambiri imabwera m'katoni ya rauta. Werengani zimene zalembedwa pa khungu lake: ikakhala Cat5e kapena Cat6, ndi yabwino. Chachiwiri ndi laputopu kapena kompyuta yokhala ndi kabowo kolowetsapo kebuloyo. Malaputopu opyapyala a masiku ano ambiri alibe kabowoka, ndiye pamafunika adaputala yolowa pa USB. Kuseri kwa rauta, lowetsani kebulo pa kabowo kolembedwa LAN. Kolembedwa WAN kapena Internet ndi kolandirira intaneti kuchokera kunja, musakakhudze.

Mukalumikiza, zimitsani waifai pa laputopuyo kuti mutsimikize kuti zonse zikudutsa pa kebulo. Kenako pemphani a m'nyumba kuti aimitse kaye zimene akuchita. Foni imodzi imene ikutumiza zithunzi mwakachetechete, kapena wailesi yakanema imene ikuonetsa filimu ya pa intaneti, imadya gawo la liwiro ndipo zotsatira zanu zimatsika popanda kampani kulakwa. Ngati laputopu ili ndi VPN, izimitseninso. Tsegulani speedtest.net kapena fast.com, dikirani kuti manambala akhazikike, ndipo yesani katatu kuti muone ngati akufanana. Lembani nambala ya Download, ya Upload ndi ya Ping, pamodzi ndi nthawi imene mwayesa. Mukatero zulani kebulo, yatsani waifai, yesaninso ndi laputopu yomweyo mutakhala pafupi ndi rauta. Pomaliza pitani kuchipinda chimene chimavuta chija mukayesenso. Chinsinsi chake n'chakuti musinthe chinthu chimodzi chokha pa nthawi imodzi: laputopu ikhale yomweyo, tsamba loyesera lomwelo, ndipo mayeso onse achitike motsatizana.

Wogwiritsa ntchito bandulo adziwe kuti kuyesa kumadya deta. Pa liwiro la 20 Mbps, masekondi 10 okha amadya pafupifupi mamegabaiti 25, ndipo liwiro likakwera deta imapitanso yambiri. Chiwerengero chimenechi chikutikumbutsanso chinthu chimene chimasokoneza anthu. Makampani amagulitsa liwiro m'mamegabiti, olembedwa Mbps, pamene kompyuta ikamakopera fayilo imaonetsa mamegabaiti, olembedwa MB/s. Megabaiti imodzi ili ndi mamegabiti 8. Choncho amene amalipira 20 Mbps akaona fayilo ikubwera pa 2.5 MB/s, akulandira zonse zimene analipira.

Tiyerekeze loji ya zipinda zingapo ku Zomba imene imalipira 20 Mbps. Rauta ili mu ofesi, pansi pa tebulo, pafupi ndi kabati yachitsulo, ndipo alendo a chipinda chakumapeto amadandaula tsiku ndi tsiku. Mwini loji akuyesa m'mawa. Pa kebulo akupeza 19, pa waifai ali mu ofesi momwemo akupeza 18, koma kuchipinda chakumapeto akupeza 2 yekha. Apa kampani ilibe mlandu, chifukwa yafikitsa pafupifupi zonse zimene inalonjeza. Liwiro likutayika pakati pa ofesi ndi chipindacho, m'makoma atatu a njerwa amene ali panjira. Mwini lojiyu atakweza malipiro kufika pa 50 Mbps, mlendo wa kumapeto adzalandirabe 2 yemweyo. Mankhwala ake ndi kuchotsa rauta pansi pa tebulo n'kuikweza pamalo oonekera, chapakati pa nyumba, kutali ndi zitsulo. Zikakanikabe, akoke kebulo kufika mbali ya zipindazo n'kuikako chida china chowulutsira waifai.

Pa vuto ngati limeneli ndi bwino kudziwa kuti marauta ambiri amawulutsa pa mafunde a mitundu iwiri. A 2.4 GHz amafika patali ndipo amaboola makoma bwinoko, koma ndi odzaza: marauta a anansi, zida za bulututhi ngakhalenso maikurowevu ya kukhitchini zonse zili pomwepo. A 5 GHz amathamanga kwambiri koma amafooka msanga akakumana ndi khoma. Dzina la waifai lothera ndi 5G nthawi zambiri limatanthauza mafunde a 5 GHz amenewa, osati netiweki ya mafoni ya 5G. Amene ali pafupi ndi rauta asankhe 5 GHz, amene ali kutali ayese 2.4 GHz. Ngati waifai ikuchedwa ngakhale mutakhala pafupi ndi rauta pamene kebulo ikuthamanga, kaikirani kudzaza kwa mafunde. M'masetingi a rauta yesani kusintha tchanelo ya 2.4 GHz pakati pa 1, 6 ndi 11, chifukwa atatu amenewa salowerana.

Tsopano tiyerekeze kuti zotsatira za pa loji ija zatuluka mwina: pa kebulo 4, pa waifai mu ofesi 4, kuchipinda 3. Manambala akakhala otsika mofanana paliponse, waifai ikungopereka zochepa zimene yalandira, ndipo kugula rauta yodula sikungasinthe kanthu. Musanaimbe foni, zimitsani rauta kwa mphindi imodzi n'kuiyatsanso, ndipo fufuzani ngati simunapyole malire a deta, poti mapulani ena otchedwa opanda malire amatsitsa liwiro munthu akafika pa mlingo wina. Yesaninso pa nthawi zosiyana. Kebulo ikamapereka 19 m'mawa koma 4 madzulo anthu ataweruka, ndiye kuti njira ya kampani ikudzaza pa nthawi imene aliyense ali pa intaneti.

Rauta ya simukhadi imafuna kusamala mwapadera, chifukwa ulendo wake woyambanso umadutsa mumlengalenga. Kebulo imachotsa waifai ya m'nyumba yokha, siichotsa mtunda wa pakati pa rauta ndi nsanja. Liwiro likatsika pa kebulo, nyamulani rauta muiike pawindo loyang'ana kumene kuli nsanja, muyesenso ndi kebulo yomweyo. Likakwera, ndiye kuti rauta inali pamalo pamene siimamva bwino nsanjayo. Timarauta ta m'thumba tambiri tilibe kabowo ka LAN, koma tina timalola kulumikiza ku laputopu ndi kebulo ya USB, ndipo mayeso ake ndi omwewo.

Kebulo nayo ikhoza kunama. Kabowo ka rauta yakale, ka laputopu yakale kapena adaputala yotchipa kakhoza kukhala ndi malire a 100 Mbps, ndipo mayeso amaima cha pa 94 ngakhale kampani ikutumiza zochuluka. Kebulo ili ndi timawaya 8 mkati, ndipo kuti ipyole 100 pamafunika tonse tikhale tamoyo. Kamodzi kakaduka, liwiro likhoza kugwera pa 100, kapena kulumikizana n'kukanika kumene. Izi sizikhudza wolipira 20 Mbps, koma wolipira 200 akaona nambala ikukakamira cha pa 94 nthawi zonse, asinthe kaye kebulo asanakwiye. Ndipo ngati waifai ikuthamanga kuposa kebulo, vuto lili pa kebulo, pa kabowo kapena pa adaputala.

Pali mayeso enanso amene sadya deta yambiri, othandiza makamaka mawu akamadukaduka poimba foni ya pa intaneti. Pa kompyuta ya Windows tsegulani Command Prompt, lembani ipconfig, ndipo nambala ya pa mzere wa Default Gateway ndiyo adiresi ya rauta yanu. Kawirikawiri imakhala 192.168.1.1, 192.168.0.1 kapena 192.168.8.1. Ikani yanu m'lamulo loyambali:

```
ping -n 20 192.168.8.1
ping -n 20 8.8.8.8
```

Lamulo loyamba limagogoda pa rauta maulendo 20 osatuluka m'nyumba. Pa kebulo yankho limabwera cha pa 1ms, ndipo pa waifai yabwino limangokwera pang'ono. Mukaona manambala akudumpha kufika m'mahandiredi, kapena mawu akuti Request timed out, pamene muli pa waifai, vuto lili m'nyumba mwanu. Lamulo lachiwiri limatuluka kunja kukagogoda pa kompyuta ya Google. Ngati muli pa kebulo, rauta ikuyankha bwino koma 8.8.8.8 ikutaya mayankho, vuto lili kunja kwa nyumba.

Mukamaimbira kampani, musangonena kuti intaneti ikuchedwa, chifukwa adzangokuuzani kuti muzimitse rauta n'kuiyatsanso. Auzeni kuti mwayesa pa kebulo, zida zina zonse zitazimitsidwa, ndipo tchulani masiku, nthawi ndi manambala amene mwapeza, pamodzi ndi liwiro limene mumalipira. Sungani zithunzi za zotsatirazo ndipo pemphani nambala ya dandaulo lanu. Ku Malawi, kampani ikalephera kukuthandizani, dandaulo likhoza kupita ku MACRA, bungwe loyang'anira zamtokoma ndi zamauthenga, ndipo umboni wa pa kebulo ndi wovuta kuutsutsa. Koma manambala akaonetsa kuti kampani yachita mbali yake, musawononge ndalama pa bandulo yaikulu. Sunthani rauta, sinthani mafunde, kapena kokani kebulo kufika pomwe mumagwirira ntchito.