Mtedza wa mbewu sakazinga

Mwezi wa Okutobala m'nyumba zambiri kumudzi mumakhala thumba limodzi lomwe ana saloledwa kuligwira. Ndi mtedza wa mbewu. Mwana akabwera kwa agogo ake n'kupempha kuti amutapireko pang'ono akazinge, agogo amatha kumupatsa mbatata m'malo mwake, kumuuza kuti adikire mvula igwe, kapena kungokhala chete ngati sanamve. Kwa mwanayo zonsezi ndi chinthu chimodzi: wapempha, sanapatsidwe. Amene akudziwa kusiyana kwake ndi agogo okha.

Munthu amene wapemphera kwa zaka popanda kuona kanthu ali pa malo a mwana uja. Zipembedzo zimasiyana pa zimene zimamuuza kuti zikuchitika kuseri kwa kukhala chete kumeneko.

Chisilamu chimayankha mosabisa mawu. Pali mapemphero asanu a tsiku ndi tsiku, swala, ndipo pali duwa, pempho la munthu payekha pa zosowa zake. Hadisi ina yomwe ili m'buku la Imamu Ahmad imaphunzitsa kuti duwa ya Msilamu, ngati mulibe tchimo kapena kudula ubale, imalandiridwa mwa njira imodzi mwa zitatu. Munthu apatsidwa chomwe wapemphacho pompano, kapena asungiridwa kuti akachipeze tsiku lomaliza, kapena tsoka lolingana nacho lichotsedwa pa njira yake. Pamenepa palibe duwa yotayika. Mtedza ukhoza kukazingidwa lero, ukhoza kukhala mbewu, koma supita kudzala. Njira yachitatu ija ndi yovuta kuimeza, chifukwa munthu sangaloze ngozi yomwe sinamugwere. Komabe Chisilamu chimatchulanso zotchinga. Hadisi ya m'buku la Muslim imanena za wapaulendo wotopa, wafumbi lokhalokha, amene wakweza manja kumwamba pamene chakudya ndi zovala zake n'za haramu, ndipo imafunsa kuti munthu wotero angayankhidwe bwanji. Ina imachenjeza za kupupuluma, pamene munthu wayamba kunena kuti wapempha koma sanayankhidwe, n'kusiya. Choncho kupirira, kumene amati swabru, ndi mbali ya pempherolo.

Akhristu ali ndi nkhani imodzi yosonyeza bwino momwe kukanidwa kumasandukira yankho. M'chaka cha 383, Augustino, mphunzitsi wa luso la kuyankhula ku Carthage, kumpoto kwa Afirika, anaganiza zosamukira ku Roma. Mayi ake, Monika, anali atamupempherera kwa zaka zambiri kuti akhale Mkhristu, ndipo ankaona kuti akawoloka nyanja ndiye kuti wamutayiratu. Anamutsatira mpaka kudoko. Augustino anawanamiza kuti akungoperekeza mnzake, n'kuwasiya m'kachisi wokumbukira Kipriano woyera, pafupi ndi nyanja. Usiku womwewo, mayi akulira ndi kupempha kuti mwana asapite, ngalawa inanyamuka.

Pemphero la usiku umenewo linakanidwa ndithu. Koma kuchokera ku Roma Augustino anapeza ntchito ku Milan mu 384, kumene anayamba kumvetsera maulaliki a bishopu Ambrozio, ndipo pa Pasaka wa 387 anabatizidwa, mayi ake ali moyo. Monika anamwalira chaka chomwecho ku Ostia. Polemba za moyo wake pambuyo pake, Augustino anafotokoza kuti Mulungu anakana chimene mayi ake anapempha pa nthawiyo pofuna kuwapatsa chimene ankapempha masiku onse. Apa pali mapemphero awiri, lalikulu ndi laling'ono, ndipo laling'ono linali kutsekereza lalikulu Monika asakudziwa. Mwana wofuna mtedza wokazinga amafunanso nsinjiro chaka chamawa, kungoti sadziwa kuti zonsezo zikuchokera m'thumba limodzi.

Alaliki amaikonda nkhani imeneyi, ndipo m'pomveka. Vuto lake n'lakuti tanthauzo lake linaoneka patapita zaka zinayi, ndipo amene akutifotokozera ndi munthu amene zinamuthera bwino. Ali padoko paja Monika analibe njira yosiyanitsira kudikira ndi kukanidwa.

Makolo athu ankayang'ana kwina. Mvula ikachedwa, anthu ankapita ndi nsembe kukachisi, monga ku Msinja kwa Makewana kapena ku Khulubvi kwa Mbona ku Nsanje. Ikapitirira kusagwa, funso silinkakhala lakuti kodi Chauta watisungira chiyani, koma lakuti talakwa pati. Mwina wina sanadike pa nthawi ya mwambo, mwina kachisi wagwa osamangidwanso, mwina mizimu yaiwalika. Ankaombeza ula, kukonza cholakwikacho, n'kuperekanso nsembe. M'kaonedwe kameneka, agogo aja akhala chete chifukwa m'nyumba muli mlandu, ndipo mlanduwo ndi wa mudzi wonse. Kaganizidwe kameneka kali ndi ubwino wake: kamapatsa anthu chochita, ndipo kamawakakamiza kukambirana zomwe anakwirira. Baibulo nalonso lili ndi zofanana, pamene kalata ya Yakobo ikunena za anthu opempha ndi zolinga zoipa.

Koma maganizo omwewa akachoka pa mudzi n'kutera pa munthu mmodzi, amaluma. Mayi wosabereka amene wasala kudya, wakwera phiri, wapereka chakhumi, amauzidwa kuti chikhulupiriro chake n'chochepa kapena ali ndi tchimo lobisika. Ine ndimaona kuti uku n'kumusenzetsa mtolo wachiwiri munthu amene woyamba wamulemera kale. Anzake a Yobu ananena zomwezi, ndipo kumapeto kwa bukulo Mulungu anadzudzula iwowo, osati wodwalayo.

Apa ndi pamene fanizo la mtedza limathera. Agogo akakana mu Okutobala, pofika Epulo mwana amaona yekha mtedza ukukumbidwa. Malemba a Ayuda, omwe Akhristu amawatcha Chipangano Chakale, amavomereza kuti pali kukana kwina kopanda Epulo wake. Pa Deuteronomo 3, Mose akufotokoza yekha momwe anachondererera kuti awoloke Yordano akaone dziko limene anayenda zaka 40 kuti akalifike. Anauzidwa kuti asaitchulenso nkhaniyo, akwere phiri la Pisiga akalione ndi maso. Chifukwa chinaperekedwa pa malo ena m'malembamo, nkhani ya madzi a ku Meriba, koma chitseko sichinatsegukenso. Chiyuda sichifewetsa zimenezi, ndipo chimalola wopemphera kudandaula. Masalimo ambiri ndi madandaulo ofunsa Mulungu kuti akhala chete mpaka liti. Paulo naye anapempha katatu kuti minga ya m'thupi lake ichotsedwe. Sinachoke. Anangolonjezedwa chisomo chokhalira nayo.

Nkhani ya Davide pa 2 Samueli 12 ndiyo imaonetsa chimene munthu amachita pempho likakanidwa kotheratu. Mwana amene anabereka ndi Batiseba anadwala, mneneri Natani atanena kale kuti adzafa. Davide anapempherabe. Anasala kudya, nagona pansi, akulu a m'nyumba mwake n'kulephera kumudzutsa. Tsiku lachisanu ndi chiwiri mwana anamwalira, ndipo antchito anaopa kumuuza, poganiza kuti ngati ankatero mwana ali moyo, nanga tsopano adzichita chiyani. Iye atawaona akunong'onezana anazindikira. Anadzuka, nasamba, nadzola mafuta, nasintha zovala, nalowa m'nyumba ya Mulungu kukapembedza, kenaka anapempha chakudya. Antchito atadabwa, anawafotokozera kuti mwana ali moyo panali mpata woti mwina achitiridwa chifundo, koma tsopano kusala sikungamubweze. Iye ndiye adzapita kumene kuli mwanayo. Atatero anapita kukatonthoza Batiseba.