Mukamapempha mabwana kuti agule galimoto yatsopano

M'maofesi ambiri, kalata yopempha galimoto yatsopano imakhala ya ndime imodzi: galimoto yathu yatha, ikungokhalira kugalaja, chonde tigulireni ina. Mawuwa amakhala oona ndithu, ndipo aliyense amene wagonapo panjira chifukwa cha galimotoyo angachitire umboni. Koma kalata yotere imangokhala m'fayilo. Chifukwa chake n'chakuti akuluakulu a kampani kapena a bungwe amakhala ndi mapempho ambiri pa thumba limodzi, ndipo funso lawo ndi ili: pa njira zonse zogwirira ntchitoyi, yotchipa ndi iti? Chikalata chanu chiyenera kuyankha funso limenelo ndi manambala oti wina angathe kuwatsimikiza.

Manambalawo muli nawo kale. Ali m'logibuku momwe dalaivala amalemba maulendo ndi makilomita, ali m'malisiti a mafuta, alinso m'mapepala a kugalaja amene akauntanti amasunga. Musanalembe liwu ndi limodzi lomwe, tengani mapepala a zaka zitatu zapitazi, mukhale nawo pansi pamodzi ndi akauntanti. Ameneyu ndiye adzafunsidwe m'chipinda chamsonkhano ngati zomwe mwalembazo n'zoona, choncho ndi bwino aziwone lero kusiyana n'kudzaziwona koyamba pamaso pa mabwana.

Tiyeni tiyerekeze ndi kampani ya ku Lilongwe yogulitsa mbewu, imene pikapu yake yakale imazungulira mashopu a ku Dedza, Mchinji ndi Kasungu. Ndalama zili m'munsimu n'zongoyerekeza, kuti njira yowerengera iwoneke. Inu mudzaika zanu. M'chaka chathachi pikapuyi idayenda makilomita 30,000. Kukonzetsa kudadya K9 miliyoni. Idakhala kugalaja masiku 45, ndipo pa masiku 30 mwa amenewo kampani idachita hayala galimoto ina pa K150,000 patsiku, zomwe ndi K4.5 miliyoni. Imamwa malita 12 a dizilo pa makilomita 100, ndiye ngati lita tiiwerengera K3,000, mafuta a chaka adakwana K10.8 miliyoni. Tikaphatikiza inshulansi ya K1 miliyoni, galimoto yakaleyi idadya K25.3 miliyoni m'chaka chimodzi.

Tsopano yatsopano. Apa m'pomwe ambiri amalakwitsa, chifukwa amangolemba mtengo wogulira n'kulekera pomwepo. Tinene kuti mtengo ndi K90 miliyoni, ndipo pakatha zaka zisanu kampani ingadzaigulitse K40 miliyoni. Ndiye kuti yataya K50 miliyoni m'zaka zisanu, kapena K10 miliyoni pachaka, ndipo imeneyo ndiyo ndalama yoyenera kulowa m'kawerengedwe ka chaka. Sevisi ndi matayala tiziike K2.5 miliyoni. Inshulansi ikwera kwambiri, tinene K4.5 miliyoni, poti galimoto yatsopano palibe angailole kuyenda ndi inshulansi yongolipira mwini galimoto imene mwaigunda. Mafuta atsika kufika pa K8.1 miliyoni chifukwa imamwa malita 9 okha pa makilomita 100. Zonse pamodzi ndi K25.1 miliyoni.

Mwawona kuti ndalama ziwirizi zangotsala pang'ono kufanana. Wolemba wina akafika apa amayamba kukometsa: kuchepetsa inshulansi, kukweza mtengo wodzagulitsira. Musatero. Mkulu woyang'anira chuma akapeza nambala imodzi yokometsedwa, sakhulupiriranso ina iliyonse m'chikalatacho. Lembani mmene zililimu, kenaka muwonetse zomwe kawerengedwe ka chaka chimodzi sikawonetsa.

Choyamba ndi komwe ndalama zokonzetsera zikulowera. Ngati mapepala a kugalaja akuti zaka zitatuzi zidayenda K4 miliyoni, K6 miliyoni, kenaka K9 miliyoni, aliyense awona yekha kuti chaka chamawa sizidzatsika. Pemphani makaniko wodziwika alembe lipoti la mmene injini ndi giyabokosi zilili, ndi mtengo wake wokonzetsera, mulimate kumapeto. Chachiwiri ndi masiku 15 aja amene kudalibe galimoto ngakhale ya hayala. Kodi adali masiku ati? Ngati adagwa mu Novembala, pamene alimi akugula mbewu kudikira mvula yoyamba, fufuzani m'mabuku a malonda kuti ndi mashopu angati amene katundu adawathera, ndipo pa sabata yotere amagulitsa zingati. Ine ndimaona kuti ndime imeneyi ndiyo imatembenuza mitima ya mabwana kuposa ina iliyonse, chifukwa imawawonetsa kuti kusagula nakonso kukudya ndalama.

Musaiwale kuika njira zina pambali pa yomwe mukuifuna. Mabwana adzafunsa ndithu kuti bwanji osamangochita hayala, kapena bwanji osagula yogwiritsidwapo kale ntchito, monga zochokera ku Japan zodzera pa doko la Dar es Salaam. Yankhani asanafunse. Pa chitsanzo chathu, ngati pikapu imafunika panjira masiku 220 pachaka, hayala ikwana K33 miliyoni mafuta asanalowepo, ndiye yagwa. Koma ikanakhala kuti imafunika masiku 60 okha, hayala ikanakhala K9 miliyoni, ndipo chilungamo chake chikanakhala kulangiza mabwana kuti asagule. Pa yogwiritsidwapo kale ntchito, werengerani msonkho wa MRA, ndalama zoyendetsera kuchokera kudoko, komanso zoti ilibe chitsimikizo cha wogulitsa ikawonongeka. Ngati ndalama zogulira zichokera kubanki, chiwongoladzanja chilowe m'kawerengedwe. Pa ngongole ya zaka zingapo chingathe kusintha yankho lonse.

Pali vuto lina limene aliyense wogula katundu wakunja ku Malawi akulidziwa. Kwacha idagwetsedwa mphamvu ndi 25 peresenti mu Meyi 2022, kenakanso ndi 44 peresenti mu Novembala 2023. Mtengo wa galimoto umatsatira dola, choncho kotesheni ya lero sikhalitsa. Tengani makotesheni atatu, ndipo pa iliyonse lembani tsiku lomwe ithere mphamvu, ngati msonkho uli kale mkati, ndi nthawi imene galimoto ingafike. Chikalata chikachedwa miyezi iwiri pa desiki, tenganinso atsopano.

Pofotokoza galimoto imene mukufuna, tchulani ntchito, osati dzina lokoma m'makutu. Lembani kuti ikufunika pikapu ya dizilo yokoka ndi matayala onse anayi, yonyamula pafupifupi tani imodzi, chifukwa misewu yafumbi yopita kumashopu imaterera m'dzinja, ndiponso kuti zipangizo zake zizipezeka m'dziko muno. Mukayamba ndi dzina la galimoto yapamwamba, ena aganiza kuti mukudzifunira chokwera. Kwa ogwira ntchito m'boma, kumbukirani kuti kugula ndi kugulitsa katundu wa boma kumatsata malamulo amene bungwe la PPDA limayang'anira, ndipo ndalamayo iyenera kukhala m'bajeti ya chaka cha boma chomwe chimayamba pa 1 Epulo. Makampani nawo ali ndi nyengo yawo yokonza bajeti. Pempho lofika itatsekedwa kale limadikira chaka china.

Tsamba loyamba likhale lalifupi: mukupempha chiyani, ndalama zingati, zichokera kuti, yakaleyo mudzaitani, ndipo yankho likufunika pofika liti. Zowerengera zonse ndi malisiti zibwere kumbuyo. Ndipo ngati logibuku ya galimoto yanu ili ndi masamba osalembedwa, yambirani pamenepo mawa m'mawa, chifukwa popanda makilomita olembedwa mulibe choti muwerengere.