Kodi matebulo a pulani yanu ya geni akugwirizana?

Tiyerekeze kuti mwalemba pulani yogulitsa mbatatesi za ku Kalomwe pa msika wa Ulongwe. Tebulo la phindu likuti mu Juni mudzagulitsa matumba 20, lililonse mametikali 1,000. Zonse pamodzi ndi 20,000. Mukachotsa 15,000 yogulira mbatatesi ndi kulipira galimoto, phindu ndi 5,000.

Tsopano onani tebulo la ndalama zolowa ndi zotuluka. Likuti zolowa mu Juni ndi 16,000 basi. Nanga 4,000 yapita kuti? Ngati matumba 4 mudzapereka pa ngongole, palibe cholakwika, koma 4,000 imeneyo ioneke pa zolowa za mwezi umene adzakulipireni. Ikapanda kuoneka paliponse, ndiye kuti tebulo limodzi likunama. Dziwaninso kuti pa malonda a Juni, m'manja mudzatsala 1,000 yokha, osati 5,000.