Kuyankhula za kolera pabwalo la mfumu

Kolera yemwe anayamba m'boma la Machinga mu Marichi 2022 anafika m'maboma onse a dziko lino, Dowa ndi Ntchisi omwe. Pomwe ankazilala mu 2023 n'kuti atadwalitsa anthu pafupifupi 59,000 ndi kupha oposa 1,700. Ndiye kuti pa odwala 100 aliwonse, atatu ankamwalira, pomwe wodwala akalandira chithandizo msanga imfa siziyenera kufika n'komwe m'modzi pa 100. Kusiyana kumeneku kumachitikira kwambiri kumudzi, m'maola a pakati pa kuyamba kutsegula m'mimba ndi kufika kuchipatala. Mlangizi wa zaumoyo amene wapatsidwa mpata woyankhula m'mudzi wa kufupi ndi Mponela akulimbana ndi maola amenewo, komanso ndi madzi amene ali m'ndowa za anthu akumumvetserawo.

Pabwalo pamakhala anthu osiyana. Pali aphunzitsi opuma amene amawerenga nyuzi, pali anyamata a kabaza okhala ndi mafoni, pali agogo amene sanapondeko m'kalasi, ndiponso amayi ambiri amene analekezera sitandade 3 kapena 4. Amayiwa ndi amene amatunga madzi, kuphika ndi kusamalira wodwala. Choncho nkhani ikonzedwe poyang'ana iwowo. Wodziwa kuwerenga sataya kanthu akaona chinthu chikuchitika ndi manja, koma wosadziwa kuwerenga amataya zonse mlangizi akangotambasula chipepala n'kumaloza zilembo. Ine ndimaona kuti mlangizi asanyamule zambiri kuposa izi: ndowa ya malita 20 yavindikiro, makapu awiri, mabotolo awiri a theka la lita, mapaketi a Thanzi, shuga ndi mchere pang'ono, kasupuni koyezera, botolo la mankhwala a m'madzi, sopo, beseni ndi kakhala kamodzi.

Mfumu ikatsegula bwalo, mlangizi ayambe ndi ulemu woyenera, kenako afunse funso m'malo moyamba kulalikira. Angathe kunena motere: "Zikomo agogo mfumu, zikomo amayi ndi abambo. Ndisanayankhule, ndifunse nawo. Mjigo wathu ukawonongeka, kapena pamzere pakatalika, madzi akumwa timakatunga kuti?" Anthu atchula chitsime cha kudambo, mtsinje, kapena dzenje la kudimba. Mayankho amenewa ndi amene akhale maziko a nkhani yonse, chifukwa akuchokera m'kamwa mwa eni mudzi. Mlangizi asadzudzule wina aliyense. Akangoti "ndinu auve," amayi amayang'ana pansi ndipo nkhani yathera pomwepo.

Kenako afotokoze njira ya matendawa mosapita m'mbali, ngakhale mawu ake ndi olemera pamaso pa apongozi. "Mundikhululukire akuluakulu, nditchula zinthu ndi maina ake. Kolera amachokera m'chimbudzi cha munthu n'kulowa m'kamwa mwa munthu wina. Amadzera m'madzi, m'chakudya ndi m'manja. Mvula ikagwa imakokolola za kutchire kupita nazo kuchitsime. Madziwo amaoneka oyera, sanunkha, koma tizilombo tili momwemo." Apa awonjezere mfundo imene ambiri saidziwa, yakuti anthu ochuluka amene atenga tizilomboti sadwala n'komwe, koma amatitulutsa m'chimbudzi kwa masiku angapo. Mfundoyi ndi yofunika pamalo ngati Mponela, pomwe msewu wa M1 umabweretsa anthu ochokera ku Lilongwe ndi ku Kasungu tsiku ndi tsiku, ndipo munthu wa kumudzi amadya pachiwaya kapena kumwa thobwa pamsika asanabwerere kwawo. Imathandizanso kuziziritsa mitima ya amene amaganiza za ufiti akaona anthu atatu a nyumba imodzi akudwala usiku umodzi. Mlangizi asatsutsane nawo. Angofunsa kuti atatuwo anamwa madzi a mumtsuko uti.

Chionetsero choyamba ndi cha beseni, ndipo pamafunika kuchedwapo. Mlangizi apemphe anthu asanu, woyamba adzole makala m'manja, onse asambe m'beseni limodzi motsatana monga timachitira nsima ikafika. Akafika wachisanu, anyamule beseni lija aonetse bwalo lonse n'kufunsa kuti, "Bambo awa asamba, kapena adzola litsiro la anzawo?" Anthu aseka, koma aona. Abwereze tsopano ndi madzi othirirana pa kapu ndi sopo, aliyense payekha, beseni lingolandira madzi otsika. Nthawi zosamba azitchule zochepa zimene munthu angasunge pamtima: pochokera kuchimbudzi, mukasintha mwana thewera, musanaphike, musanadye ndi musanadyetse mwana. Wina adzanena kuti sopo wakwera mtengo, ndipo akunena zoona. Yankho n'lakuti sopo akasowa, phulusa ndi madzi oyenderera ziposa kusamba m'beseni la anthu onse, ndipo kachidutswa ka sopo komangirira pa mpondagiya pakhomo la chimbudzi kamatha masiku ambiri.

Chachiwiri ndi madzi akumwa. Mlangizi asathire yekha mankhwala. Aitane mayi m'modzi, makamaka amene wakhala chete kumbuyo, athire ndi dzanja lake anthu akuona. Wotagadi muyezo wake ndi kachivindikiro kamodzi ka botolo lake pa malita 20 a madzi oyera. Kolorini wosungunula amene alangizi amagawa m'midzi ali ndi muyezo wake, ndipo mlangizi abwere ndi kasupuni kenikeni koyezera, chifukwa mawu oti "supuni" amatanthauza zinthu zosiyana m'nyumba zosiyana. Mayi uja avundule, avindikire, ndipo madziwo asamwedwe mpaka patatha mphindi 30. Kwa amene alibe wotchi kapena foni, malangizo osavuta n'ngakuti athire madzulo, amwe m'mawa.

Pali zinthu ziwiri zimene zimalakwika pamenepa. Madzi akakhala amatope, monga a m'zitsime za kudambo mu Januwale, matopewo amadya mphamvu ya kolorini tizilombo tisanafe. Madzi otere ayambe adikha, asefedwe pansalu yoyera, kenako ndiye athiridwe mankhwala, apo ayi awiritsidwe mpaka kubwadamuka. Chizindikiro choti mankhwala agwira ndi kafungo kochepa ka kolorini patatha mphindi zija. Fungo likasoweratu, mwina muyezo unachepa kapena mankhwalawo anasuluka chifukwa chokhalitsa padzuwa. Likakhala lamphamvu mpaka ana kukana kumwa, muyezo unapyola, ndipo banjalo libwerera kumadzi osathira. Cholakwika china n'chakuti madzi abwino a pamjigo amaipira kunyumba. Mwana amamiza kapu imene wamwera, zala zake zili m'madzi. Apa mpamene pamalowa makapu awiri: imodzi yotungira, imene sifika pakamwa ndipo imakhala pamwamba pa chivindikiro, ina yomwera. Mlangizi aitane mwana wasukulu aonetse kawiri.

Za chimbudzi azinene mwachidule koma mosabisa, popeza anthu anazimva kale nthawi zambiri. Banja lililonse likhale ndi chake, dzenje likhale lovindikira kuopa ntchentche, ndipo chimbudzi cha mwana wakhanda chitayidwenso m'dzenjemo. Ambiri amachiyesa chopanda vuto, koma chimanyamula tizilombo ngati cha wamkulu.

Mbali imene imapulumutsa moyo ndi ya munthu amene wayamba kale kudwala, ndipo isasiyidwe kumapeto anthu atayamba kubalalika. Mlangizi angathe kunena kuti: "Mukaona munthu akutsegula m'mimba madzi okhaokha oyererako ngati otsukira mpunga, kawirikawiri, mwina akusanza, miyendo ikukokana, maso alowa m'kati, musadikire kuti kuche. Chimene chimapha ndi kutha kwa madzi m'thupi. Inu alimi a fodya mukudziwa momwe mbande ya panazale imagwera dzuwa likaswa mtengo isanathiriridwe. Munthuyu akhoza kutisiya tsiku lomwelo." Aonetsenso pa dzanja lake momwe amatsinira khungu. La munthu wabwino limabwerera pompo, la wotha madzi limachedwa.

Atatero asungunule Thanzi pamaso pa onse. Paketi imodzi yonse imalowa m'lita imodzi ya madzi otetezedwa, ndiye kuti mabotolo awiri aja. Kuthira paketi m'kapu imodzi kuti "mankhwala akhale amphamvu" n'koopsa, makamaka kwa mwana, chifukwa mchere umachuluka. Thanzi akasowa, m'lita yomweyo muthiridwe masupuni aang'ono a tiyi asanu ndi limodzi a shuga, osalaza pamwamba osati odzaza mulu, ndi theka la supuni yomweyo la mchere. Anthu angapo alawe, kuti lilime lisunge muyezo. Wodwala amwe pang'onopang'ono mosalekeza. Akasanza, adikire mphindi 10 n'kuyambiranso mofatsa. Mwana woyamwa apitirize kuyamwa. Zotsala zitayidwe pakatha tsiku limodzi.

Mlangizi atsindike kuti Thanzi si woti munthu akhalire naye kunyumba. Ndi wa panjira. Wodwala amwe ali panjinga kapena pangolo kupita kuchipatala cha Mponela, cha Madisi, cha Mtengowanthenga, kapena china chilichonse chimene chili pafupi, chifukwa amene watha madzi kwambiri amafunika diripi. Makapisozi a pagolosale sabwezeretsa madzi. Ndipo popeza kolera sasankha ola, bwalo ligwirizane tsiku lomwelo, mfumu ili pomwepo, kuti usiku munthu akadwala akagogoda kwa yani wa njinga yamoto, ndipo ndalama ya mafuta ichokera kuti.

Nkhani ya maliro ndi yovuta kwambiri, ndipo ndi bwino mlangizi akambirane ndi mfumu ndi akuluakulu ampingo msonkhano usanachitike, kuti ituluke m'kamwa mwawo. Thupi la munthu womwalira ndi kolera limakhala ndi tizilombo tambiri. Amene alisambitsa, kenako n'kukathandiza kuphika nsima ya pasiwa, angadwalitse mudzi wonse. N'chifukwa chake azaumoyo ndi amene amakonza thupilo ndi kolorini, maliro amaikidwa msanga, ndipo zophikaphika zimaletsedwa. Kwa Achewa amene amaperekeza mnzawo ndi mwambo wonse, izi n'zopweteka, ndipo mlangizi avomereze poyera kuti n'zopweteka asanapemphe anthu kuti azitsatire.

Wina akafunsa za katemera, yankho n'lakuti ndi wakumwa, amathandiza, koma sateteza aliyense kotheratu ndipo mphamvu yake imatha pakapita nthawi, choncho wolandira katemera athirebe mankhwala m'madzi.

Potseka, mlangizi asafunse kuti "mwamva?", chifukwa bwalo limayankha "eee" mwaulemu ngakhale silinamve. Aitane gogo m'modzi asungunule Thanzi yekha, bambo m'modzi anene chimene angachite mkazi wake atayamba kutsegula m'mimba pakati pa usiku. Akalakwitsa muyezo, mlangizi anene kuti mwina iyeyo ndiye anafulumira, n'kubwereza chionetserocho. Amene amadziwa kuwerenga apatsidwe timapepala ndi ntchito yokawerengera anzawo a nyumba zoyandikana. Pakatha sabata, mlangizi ayende m'makomo angapo, apemphe madzi akumwa, anunkhize, aone ngati kapu yotungira ili pamalo pake ndiponso ngati pansi pa mpondagiya pali ponyowa. Pakakhala pouma, banja limenelo akambirane nalo palokha.