Siginecha ya imelo yofika kunja

Mlimi wa khofi ku Mzuzu akamalembera wogula wa ku Germany, mizere ya pansi pa imelo ndiyo imauza mlendoyo amene akulankhula naye. Pakhale dzina lonse, kenako udindo ndi dzina la bungwe. Udindowo ulembedwe wathunthu, chifukwa zidule zomwe mumazolowera mu ofesi mwanu wakunja sazidziwa.

Pamene ambiri amalakwitsa ndi pa nambala ya foni. Nambala yoyamba ndi 0 imagwira ntchito muno mokha. Chotsani ziroyo, muikepo +265, apo ayi wa ku Hamburg adzayimba koma siidzalowa. Onjezani UTC+2, adziwe nthawi yomwe muli pa ntchito. Germany imafanana nafe nthawi kuyambira kumapeto kwa Malichi mpaka kumapeto kwa Okutobala, miyezi inayo imatsalira ndi ola limodzi.

Pa zilankhulo, tchulani zokhazo zomwe mungayankhire kalata. Kulemba Chijeremani chifukwa mumadziwa moni kudzakubweretserani mgwirizano wamasamba khumi woti simungauwerenge.

Zonsezi zilembedwe m'malemba, osati m'chithunzi, poti mapulogalamu ena a imelo amabisa zithunzi. Mizere isanu yakwana.